Walipira ndani? Kalata ya wophunzira kwa mkonzi pa mauthenga a ndale olipira

Chisankho chikayandikira, wailesi imasintha mawu. Nkhani za madzulo zikangotha, mauthenga a maliro asanayambe, pamalowa kanyimbo ka chipani, kenako mawu a bambo wina wolonjeza feteleza wotchipa. Pakapita mphindi makumi awiri kanyimbo kaja kabweranso. Amene wakwera minibasi kuchoka ku Lilongwe kupita ku Dedza atha kumva dzina la munthu mmodzi kasanu asanatsike, pomwe mayina a ena amene akupikisana naye sanawamve n'kamodzi komwe. Mauthengawa si aulere. Mphindi iliyonse wina waigula, monga mmene amagulira malo otsatsa sopo kapena mbewu ya chimanga, ndipo womvera sauzidwa kuti ndalamazo zachoka m'thumba la yani.

Nkhaniyi imawakhudza kwambiri achinyamata, ndipo n'zomveka. Titenge mtsikana wa zaka 19 amene ali m'chaka choyamba ku koleji, ndipo anavota koyamba pa 16 Seputembala 2025. Alibe wailesi yake, alibe ndalama zogulira tsamba m'nyuzipepala, sadziwana ndi phungu aliyense. Khomo lokhalo lomutsegukira ndi tsamba la makalata a owerenga, pomwe mawu ake angasindikizidwe osalipira kanthu. Wophunzira wotere akafuna kupempha kuti malamulo a mauthenga a ndale olipira akhwime, anene chiyani kuti mkonzi asaponye kalatayo m'dengu, komanso kuti wandale woiwerenga asowe pozembera?

Makalata ambiri a mtundu umenewu amafera pa chiganizo chimodzi: "boma lichitepo kanthu." Palibe amene angatsutse chiganizochi, ndipo n'chifukwa chake sichisuntha munthu. Kalata yamphamvu imatchula chimene chikusowa m'lamulo, amene ali ndi mphamvu zochikonza, ndi mmene chingakonzedwere. Ikhoza kuoneka motere:

"A Mkonzi, zikomo pondipatsa mpata. Ine ndine wophunzira ndipo ndinavota koyamba mu 2025. M'masiku 60 a kampeni ndinamva mauthenga ambiri a zipani pa wailesi, koma sindinauzidwe kuti analipira ndani ndipo analipira zingati. Ena anali ngati nkhani wamba, ndipo ndinkazindikira mochedwa kuti ndi ogulidwa. Lamulo la zipani la 2018 limati chipani chiulule kwa Mlembi wa Zipani thandizo loyambira K1 miliyoni lochoka kwa munthu, koma lamulo lathu siliika malire pa ndalama zimene chipani kapena woyimira angagwiritse ntchito pa kampeni. Ndikupempha aphungu athu zinthu zitatu. Uthenga uliwonse wa ndale wolipira uzitchula dzina la wolipira poyambira ndi pomalizira. Nyumba iliyonse youlutsa mawu izilipiritsa zipani zonse mtengo umodzi ndipo izilemba m'kaundula woti aliyense angamuone. Ndipo pakhale malire a ndalama za kampeni, ndi chilango kwa wodutsa malirewo. Sindikupempha kuti andale atsekedwe pakamwa. Ndikufuna kudziwa amene akundilankhula ndisanamupatse voti yanga. Ine wanu, wophunzira, Zomba."

Kalatayi ndi yaifupi dala. Malo a makalata ndi ochepa, ndipo mkonzi akaona masamba atatu amadula yekha, nthawi zina n'kudula pomwe panali mfundo. Wolemba apereke dzina lake lenileni ndi nambala ya foni kwa mkonzi, ngakhale atapempha kuti dzinalo lisatuluke. Asatchule munthu kuti ndi wakuba popanda umboni, chifukwa nyuzipepala ndiyo imatengeredwa kukhoti, ndipo kalata yotero siisindikiza. Izi n'zapafupi. Chovuta ndi kudziwa ngati zimene kalatayo ikupempha zingaime anthu odziwa akazigwedeza.

Tiyambe ndi pamene lamulo lathu lilili. Lamulo la zipani za ndale la 2018 linabweretsa zinthu ziwiri zikuluzikulu. Linaletsa kugawa ndalama ndi katundu pofuna kukopa ovota, ndipo linalamula zipani kuulula amene amazipatsa thandizo, kuyambira K1 miliyoni ngati wopereka ndi munthu, ndi K2 miliyoni ngati ndi bungwe kapena kampani. Koma ofesi yoyang'anira zimenezi inakhala zaka yopanda mwini wake weniweni. Mlembi wa Zipani woyamba, a Kizito Tenthani, anasankhidwa mu 2024. Ndiye kuti chisankho cha 2019 ndi chachibwereza cha 2020 zinadutsa lamulo lilipo papepala koma mlonda wake kulibe. Wophunzira wathu aziikumbukira mbiri imeneyi, chifukwa ikumuuza kuti kupempha lamulo latsopano n'kosakwanira ngati sanena amene adzaliyendetse.

Lamulo la 2018 limayang'ana ndalama zikamalowa m'chipani. Zikamatuluka, diso lake n'lofooka. Oonerera zisankho ochokera kunja, kuphatikizapo a bungwe la maiko a ku Ulaya la EU, akhala akunena kuti kuno kulibe malire a ndalama za kampeni. Amene ali nazo atha kugula mphindi zonse zimene wailesi ingamugulitse.

Kuti tione kuti zimenezi zimatanthauza chiyani, tiyerekeze ndi manambala ongopangira chitsanzo, osati mitengo ya wailesi ina iliyonse. Tinene kuti uthenga wa masekondi 30 ukugulidwa K20,000 kuuluka kamodzi. M'dera lina mukupikisana anthu awiri. Woyamba ali ndi wamalonda wamkulu kumbuyo kwake, ndipo wagula kuti uthenga wake uziuluka ka 10 patsiku kwa masiku onse 60 a kampeni. Kumeneko n'kuuluka ka 600, ndipo ndalama yake ndi K12 miliyoni pa wailesi imodzi yokha. Wachiwiri ndi mphunzitsi wopuma ntchito amene wayima payekha, ndipo atasonkhanitsa za penshoni ndi za abale wapeza K600,000. Ndalama imeneyi imugulira kuuluka ka 30, ndiye kuti kamodzi pa masiku awiri alionse. Womvera akamva mphunzitsiyu kamodzi, mnzake uja wamumva ka 20.

Apa nkhani sinathe. Wogula zambiri amakhala ndi mphamvu yonenerera. Woyamba uja atha kupempha kuti amutsitsire mtengo popeza wagula mulu, ndipo atha kusankha nthawi yabwino, nkhani zikangotha kapena mpira uli pa kupuma, pomwe anthu ali pafupi ndi wailesi. Akamutsitsira kufika pa K15,000, K12 miliyoni yake igula kuuluka ka 800. Mphunzitsi uja alipira mtengo wathunthu ndipo mwina apatsidwa nthawi ya masana, anthu ali kumunda kapena kumsika. Wosauka ndiye amalipira zambiri pa uthenga uliwonse. Zili ngati pabwalo la mfumu pomwe onse aloledwa kulankhula, koma mmodzi yekha ndiye wapatsidwa chimkuzamawu.

Pempho lachiwiri la m'kalata ija, la mtengo umodzi ndi kaundula, likulunjika pomwepa. Si maloto. Ngakhale ku Amereka, komwe ndalama za kampeni zimasefukira, lamulo limakakamiza wailesi ndi kanema kugulitsa nthawi kwa opikisana pa mtengo wotsikitsitsa umene zimapatsa makasitomala awo okondedwa, m'masiku 60 chisankho chachikulu chisanachitike. Nyumbazo zimasunganso kaundula woonetsa amene wagula, nthawi yake ndi mtengo wake, ndipo aliyense angamuone. Lamulo lotere likanakhala kuno, mphunzitsi wathu akanalipira K15,000 yomweyo ndipo K600,000 yake ikanamugulira kuuluka ka 40. Kusiyana kukanatsalabe kwakukulu, 800 kwa 40, choncho tisadzinamize kuti mtengo umodzi ukhoza kuthetsa vuto. Phindu lake lenileni lili m'kaundula. Mtolankhani, wopikisana naye kapena wophunzira akhoza kutsegula kaundulayo n'kuona kuti munthu uyu wawononga K12 miliyoni pa wailesi imodzi, kenako n'kufunsa Mlembi wa Zipani ngati thandizo lofanana ndi ndalamayi linaululidwa. Kaundula wa ku wailesi ndi kaundula wa kwa Mlembi zikapanda kugwirizana, mwapeza poyambira kufufuza.

Kwa ine, pempho lofunika kuposa onse ndi loyamba lija, lotchula wolipira, ndipo ndi pamene wophunzira ayenera kuthera mphamvu zake. Kanyimbo ka chipani sikanamiza munthu kwenikweni. Aliyense akakamva amadziwa kuti kameneka n'kokopa, ndipo amakamva ndi khutu lochenjera. Choopsa ndi uthenga wolipira umene wavala malaya a nkhani. Pulogalamu ya theka la ola imayamba ngati kucheza wamba, wofunsa ndi mtolankhani amene timamudziwa ndi kumukhulupirira, koma nthawi yonseyo yagulidwa ndi mlendo amene akufunsidwayo, ndipo mafunso anagwirizana kale. Msonkhano wa chipani umaulutsidwa wamoyo kwa maola atatu, womvera n'kumaganiza kuti wailesi yaona kuti msonkhanowu ndi wofunika, pomwe chipani chalipira. M'nyuzipepala mumatuluka tsamba lathunthu loyamikira zimene wina wachita kudera lake, lolembedwa m'zilembo zofanana ndi za nkhani zina, kamawu kosonyeza kuti ndi lolipira kali kakang'ono pakona. Ndiye pali chipondamthengo chimene mtolankhani amalandira akapita kumsonkhano, chimene sichilembedwa paliponse koma chimaoneka m'nkhani ya mawa lake.

Womvera angazindikire bwanji? Zizindikiro zilipo. Wofunsa safunsa funso lotsatira ngakhale mlendo wanena chinthu chodabwitsa. Mbali inayo siimveka, ndipo sanena kuti anayesa kuifunsa. Oimba foni onse amene akulowa ndi oyamikira. Pulogalamu yomweyo imabwerezedwa masiku angapo pa nthawi imodzimodzi, kapena imamveka pa wailesi zitatu mawu ake osasintha. M'nyuzipepala, nkhani ilibe dzina la wolemba, zithunzi n'zambiri kuposa mawu, ndipo munthu mmodzi akuoneka m'chithunzi chilichonse. Nyumba zina zimanena kuti maganizo a m'pulogalamuyi si a wailesi ino, ndipo zimenezo n'zabwino, koma mawuwa amateteza wailesi, sauza womvera kuti wagula nthawiyo ndani. Amanenedwanso kamodzi poyambira, pomwe ambiri amatsegula wailesi pulogalamu ili pakati. N'chifukwa chake pa pulogalamu yaitali dzina la wolipira liyenera kubwerezedwa, tinene mphindi khumi zilizonse, m'chilankhulo chomwe pulogalamuyo ikuulutsidwira.

Dziko la India linakumana ndi vuto limeneli maso ndi maso. Kumeneko nyuzipepala zina zinkagulitsa nkhani zoyamikira kwa opikisana, n'kuzisindikiza ngati nkhani zenizeni. Mu 2011 bungwe loyendetsa zisankho linachotsa pampando phungu wa nyumba ya malamulo ya m'chigawo cha Uttar Pradesh, mayi Umlesh Yadav, n'kumuletsa kupikisana kwa zaka zitatu. Chimene chinamugwetsa n'chofunika kuchimvetsa. Sanalangidwe chifukwa nkhanizo zinali zomuyamikira. Analangidwa chifukwa ndalama za nkhani zogulidwazo sanazilembe m'ndondomeko ya ndalama zake za kampeni, imene lamulo la kumeneko limafuna kuti wopikisana aliyense apereke. Popanda lamulo lokakamiza kupereka ndondomeko yotere, bungwelo likanasowa pomugwira.

Kutchula wolipira kulinso ndi msampha wake. Dzina limene limatchulidwa likhoza kukhala chigoba. Uthenga ungathe ndi mawu akuti walipira ndi gulu la nzika zokhudzidwa kapena abwenzi a wakutiwakuti, gulu limene linabadwa sabata yatha ndipo lidzafa tsiku la chisankho. Ku Amereka lamulo la 2002 linakakamiza wopikisana kunena ndi pakamwa pake kuti uthengawo wauvomereza. Koma mu 2010 khoti lalikulu la kumeneko, pa mlandu wa Citizens United, linagamula ndi oweruza 5 kwa 4 kuti makampani ndi mabungwe atha kuwononga ndalama mopanda malire pa mauthenga a ndale malinga ngati sakugwirizana mwachindunji ndi wopikisana. Kuyambira pamenepo ndalama zambiri zakhala zikudutsa m'magulu a mayina okoma, ena mwa iwo osaulula amene amawapatsa. Phunziro kwa wolemba kalata wathu n'lakuti lamulo lisangofuna dzina. Lifune dzina la munthu weniweni kapena bungwe lolembetsedwa, lokhala ndi keyala, limene lingaitanidwe kukayankha, ndipo gulu lililonse logula mauthenga a ndale liulule gwero la ndalama zake monga chimachitira chipani.

Mwina wina afunsa kuti, bwanji osangoletseratu mauthenga olipirawa? Ophunzira ambiri amathamangira kumeneku, ndipo ali ndi chitsanzo chabwino. Ku Britain kugula nthawi ya ndale pa wailesi ndi pa kanema n'koletsedwa, ndipo lamulo la 2003 linatsimikiza chiletsochi. M'malo mwake zipani zimapatsidwa mphindi zaulere zolankhula kwa anthu. Bungwe lina loteteza nyama, Animal Defenders International, litakanizidwa kuulutsa uthenga wake linatengera nkhaniyi ku khoti la ufulu wa anthu la ku Ulaya, ponena kuti ufulu wake wolankhula waphwanyidwa. Mu 2013 khotilo linagamula kuti chiletsocho chikhale, koma oweruza anagawanika 9 kwa 8. Mfundo imene inapambana ndi yomwe taona m'chitsanzo cha mphunzitsi uja, yakuti olemera asamize mawu a ena pa njira imene imalowa m'nyumba ya aliyense. Koma kugawanika kwa oweruzawo kukuonetsa kuti nkhaniyi si yapafupi.

Ine sindikhulupirira kuti chiletso chotere chingatithandize kuno, ndipo ndingamulangize wophunzira kuti asachipemphe. Chiletso cha ku Britain chimayenda chifukwa pambali pake pali lamulo lolimba lokakamiza nyumba zoulutsa mawu kusakondera, ndipo limatsatidwa. Kwathu, kuyambira pomwe tinabwerera ku ndale za zipani zambiri mu 1994, dandaulo lakuti MBC imakondera chipani cholamula lamveka pansi pa maboma osiyanasiyana, ndipo oonerera zisankho alilemba kangapo. Amene ali m'boma safunika kugula nthawi. Akatsegulira mlatho kapena kuyendera mbewu m'minda, makamera amakhala pomwepo, ndipo imeneyo imatchedwa nkhani. Maunduna nawo atha kulipira mapulogalamu oonetsa chitukuko ndi ndalama za misonkho chisankho chili pafupi. Mukatseka khomo la uthenga wolipira, otsutsa ndi oyima paokha ndiwo atsala panja, wolamula ali m'kati. Kalata yopempha malamulo okhwima ikaiwala mbali imeneyi, ikhoza kuthandiza amene ali kale ndi mphamvu. N'chifukwa chake ndi bwino kuwonjezera chiganizo chimodzi chopempha kuti mauthenga a boma otamanda ntchito zake aime m'nyengo ya kampeni, kupatula ofunikira monga a zaumoyo ndi a ngozi.

Palinso wailesi za m'madera. Zambiri zimayenda movutika, ogwira ntchito ena ndi ongodzipereka, ndipo nyengo ya chisankho ndi pamene zimapezako kandalama kolipirira magetsi ndi kukonza zipangizo. Mukaziletsa kugulitsa nthawi poyera, ndalama za andale sizisiya kubwera. Zidzalowera kukhomo lakumbuyo, ndipo uthenga umene ukanamveka ngati wolipira udzamveka ngati nkhani. Dziko la South Africa linasankha njira yapakati. Bungwe la ICASA limagawira zipani nthawi yaulere, mauthenga olipira amaloledwa m'nyengo ya chisankho, ndipo amaima maola 48 kuvota kusanayambe. Kuyambira mu 2021 zipani za kumeneko zimaululanso thandizo lalikulu ku bungwe loyendetsa zisankho, limene limasindikiza mayina a opereka kuti aliyense awerenge. Njira yotere ili pafupi ndi zimene tingathe.

Wolemba kalata adziwenso kuti womutsutsa adzatulutsa malamulo aakulu a dziko lino. Gawo 35 limapatsa aliyense ufulu wolankhula, ndipo gawo 36 limateteza ufulu wa atolankhani. Yankho lili m'gawo 44, limene limalola kuchepetsa ufulu ngati kuchepetsako kwalembedwa m'lamulo, n'koyenera, n'kovomerezeka pa mfundo za ufulu wa anthu padziko lonse, ndipo n'kofunika m'dziko la demokalase. Kuuza munthu kuti atchule dzina lake pa uthenga umene wagula sikumulanda mawu. Kumuuza kuti asalankhule n'komwe ndi nkhani ina, ndipo kukhoti kungavute kukuteteza.

Pempho lachitatu, la malire a ndalama, ndi limene limamveka lokoma kwambiri koma ndi lovuta kuposa ena. Tibwerere ku chitsanzo chathu. Tinene kuti lamulo laika malire a K5 miliyoni pa mauthenga a wopikisana mmodzi. Woyamba uja atsika kuchoka pa K12 miliyoni, ndipo pa mtengo wa K15,000 auluka ka 333 pomwe mphunzitsi auluka ka 40. Kusiyana kwatsika kuchoka pa 20 kwa 1 kufika pafupifupi 8 kwa 1. Koma K7 miliyoni yotsala ija sibwerera kubanki. Ikhoza kuperekedwa kwa abwenzi aja kuti agule m'dzina lawo, ndipo ngati lamulo siliwerengera ndalama za magulu otere, malire angokhala dzina. Ikhozanso kugwiritsidwa ntchito kampeni isanatsegulidwe. Mu 2025 kampeni yovomerezeka inayamba pa 14 Julaye, koma aliyense akudziwa kuti kukopa anthu kunayamba kale kwambiri. Ku Britain ndalama za zipani amaziwerenga kwa masiku 365 chisankho chachikulu chisanachitike, pofuna kutseka mpata womwewu. Kwathu palinso kugwa kwa ndalama: mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Nambala yolembedwa m'lamulo lero ikhoza kukhala yopanda tanthauzo pakapita zaka zisanu, choncho lamulo linene njira yowerengera malirewo, mwachitsanzo potengera chiwerengero cha ovota m'dera, ndipo aziunikidwa chisankho chilichonse.

Vuto lina n'lakuti amene ayenera kupanga lamuloli ndi omwe lidzawamange. Ku Kenya lamulo la ndalama za kampeni linakhazikitsidwa mu 2013, koma aphungu analiimitsa kuti lisagwire ntchito pa chisankho cha 2017, ndipo mu 2021 anakana malire amene bungwe la zisankho linakonza. Wophunzira asadabwe kalata yake ikalandiridwa ndi chete. Koma mbiri ya Kenya ikumuthandiza kusanja zopempha zake. Malire a ndalama amafuna Nyumba ya Malamulo. Kutchula wolipira ndi kusunga kaundula zikhoza kuyamba msanga, chifukwa bungwe la MACRA ndilo limapereka ziphaso kwa nyumba zoulutsa mawu ndi kuziikira mfundo zotsata, ndipo bungwe la MEC limagwirizana kale ndi atolankhani pa ndondomeko ya kafalitsidwe ka nkhani za chisankho. Ngakhale wailesi kapena nyuzipepala imodzi ikhoza kuyamba yokha mawa, osadikira wina aliyense. Kalata ija ikupita kwa mkonzi, ndipo mkonziyo ndi mmodzi mwa ogulitsa malowo. Palibe cholakwika kumufunsa mwaulemu kuti, kodi nyuzipepala yanu ingayambe ndi inu kusindikiza amene agula masamba a ndale ndi mitengo yake?

Mnzake wa wophunzirayu atha kumuuza kuti zonsezi n'zachikale, achinyamata ali pa foni. N'zoona kuti ndale zasamukira kumeneko, ngakhale kuti kumudzi wailesi ndiyo ikadali mfumu. Pa Facebook, m'maiko amene kampani ya Meta imatsata ndondomeko yake ya mauthenga a ndale, uthenga wolipira umakhala ndi mawu akuti "Paid for by" otsatidwa ndi dzina la wolipira, ndipo umasungidwa zaka zisanu ndi ziwiri mu Ad Library, momwe aliyense angafufuze. Britain inayamba mu Novembala 2023 kukakamiza kuti mauthenga a ndale a pa intaneti azionetsa mwini wake. Maiko a EU anakhwimitsa malamulo awo kuyambira Okutobala 2025, ndipo Meta ndi Google zinasankha kungosiya kugulitsa mauthenga a ndale kumeneko m'malo motsata zofunikazo. Zimenezi zikuonetsa kuti makampaniwa amamva lamulo, ngakhale yankho lawo silikhala limene opanga lamulo ankayembekezera.

Koma ndalama zambiri za ndale za pa foni sizidutsa m'makampaniwa n'komwe. Zimapita m'manja mwa munthu amene ali ndi tsamba lotsatidwa ndi anthu ambiri, woimba, wanthabwala, kapena mnyamata amene wagulidwa mayunitsi kuti azitumiza mauthenga m'magulu a WhatsApp. Palibe risiti, palibe chizindikiro, ndipo uthengawo umafika ngati maganizo a mnzako. Lamulo lingagwire zimenezi kuchokera mbali imodzi yokha, ya wolipira: chipani ndi wopikisana alembe m'ndondomeko yawo ndalama iliyonse imene apereka kwa munthu kuti awalankhulire, ndipo wolandirayo anene poyera kuti walipidwa. Ambiri adzazemba, koma wogwidwa adzakhala ndi mlandu wodziwika, monga zinachitikira ku Uttar Pradesh.

Kalata ikatuluka, wophunzira ali ndi chida china chimene angagwiritse ntchito osadikira aphungu. Lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza nkhani kuchokera ku maofesi a boma linayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020. Pogwiritsa ntchito lamuloli, iye ndi anzake atha kulembera Mlembi wa Zipani kupempha zimene zipani zinaulula za thandizo la chisankho chapitachi, n'kulemberanso MBC kupempha mitengo yake ndi mndandanda wa amene anagula nthawi ya ndale. Asunge kope la pempholo ndi tsiku limene analipereka. Akayankhidwa, kalata yake yachiwiri idzakhala ndi manambala enieni m'malo mwa ongoyerekeza amene tagwiritsa ntchito pano. Akakanizidwa kapena akangomusiya osamuyankha, alembe zomwezo, atchule ofesi ndi tsiku, ndipo akadandaule ku bungwe loona za ufulu wa anthu la Malawi Human Rights Commission, limene lamuloli linalipatsa udindo woyang'anira kuti likutsatidwa.